Kalata ya mizere isanu kwa bambo a mwana

Banja likatha, anthu awiri amene analumbira kuti sadzayankhulananso amapezeka kuti akulemberanabe pa foni, ndipo chowalembetsa ndi mwana. Adwala, sukulu yaitanitsa ndalama, nsapato zathina. Koma uthenga umene umayambitsa mikangano yambiri ndi uja wosintha tsiku loti mwana akacheze kwa kholo linalo. Nthawi zambiri umafika Lachisanu masana, wa mawu anayi okha: "Tadala sabwera sabata ino." Apo ayi umafika wautali wodzaza foni yonse, woyambira pa ukwati mpaka pa chisudzulo, nkhani ya tsikulo ili kumapeto kwenikweni. Mauthenga awiriwa amaoneka osiyana, koma vuto lawo ndi limodzi. Wolandira sapezamo funso loti ayankhe kuti inde kapena ayi, choncho amayankha zimene wapezamo, ndiye kuti mwano kapena mlandu.

Tiyerekeze nkhani iyi. Mayi amakhala ku Chinamwali, mumzinda wa Zomba, ndi mwana wamkazi wa zaka 13, Tadala, amene ali mu Sitandade 8. Bambo amakhala ku Ndirande. Chilekanirane, pangano lawo ndi lakuti mwana amapita kwa bambo ake kamodzi pa masabata awiri: amakwera minibasi Lachisanu akaweruka, bambo amakamuchingamira ku Limbe, ndipo amabwerera Lamulungu madzulo. Tsopano sukulu yalengeza kuti ana a Sitandade 8 aziphunziranso Loweruka mpaka 12 koloko masana, ngakhale pa holide, kufikira atalemba mayeso mu Meyi. Ulendo wa Lachisanu sungathekenso. Mayi ali ndi chifukwa chomveka bwino, choti munthu aliyense angachivomere. Koma taonani zimene chala chimalemba munthu akatopa:

"Ndikukudziwitsani kuti Tadala sazibweranso Lachisanu chifukwa ali ndi makalasi. Ndikudziwa kuti za sukulu yake sizikukhudzani popeza ndalama ya mayeso ndinalipira ndekha. Ulendo watha anabwera ndi zovala zosachapa, kaya akazi anuwo amatani. Musandivutitse, ndasankha kale."

Bambo akawerenga izi, nkhani ya makalasi saionanso. Aona kuti anenedwa kuti sasamala mwana, kuti mkazi wawo watukwanidwa, komanso kuti masiku awo achotsedwa popanda kuwafunsa. Yankho lawo likhala la ndalama ya mayeso ndi la zovala, ndipo podzafika Lachisanu pa 14 Malichi palibe adzadziwe ngati mwana akukwera minibasi kapena ayi. Mwanayo ndiye adzaima ndi chikwama pakhomo kudikira kuti akuluakulu amalize.

Munthu asanalembe chilichonse ayenera kudzifunsa kuti ndondomeko imene akufuna kusinthayo inachokera kuti. Mabanja ena anangozolowera, popanda amene anakhala pansi. Ena anagwirizana pamaso pa ankhoswe, ndipo mawu amenewo ali ndi mboni mbali zonse ziwiri. Ena ali ndi chigamulo cha khoti chonena amene azisunga mwana ndi nthawi imene winayo azimuona. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Za chizolowezi makolo awiri angazisinthe pa foni. Za ankhoswe zingasinthidwenso, koma ngati kusinthako n'kwa nthawi yaitali ndi ulemu kuwadziwitsa, poopa kuti tsiku lina mkangano ukadzabuka adzanena kuti ife tinkadziwa za Lachisanu. Za khoti ndiye kholo limodzi silingazisinthe palokha, ngakhale chifukwa chake chikhale chabwino chotani. Makolo akagwirizana onse kusuntha tsiku kwa kanthawi, palibe amene angadandaule. Koma wina akakana, chigamulo chikhalabe momwe chilili mpaka khoti lomwelo litachisintha, ndipo wochiphwanya angaimbidwe mlandu wonyoza khoti.

Malamulo a Malawi pa nkhaniyi amayambira pa mwana. Gawo 23 la malamulo aakulu a dziko limanena kuti mwana ali ndi ufulu wodziwa makolo ake ndi kuleredwa nawo, ndiponso kuti pa chiganizo chilichonse chokhudza mwana, ubwino wa mwanayo ndiwo ukhale patsogolo. Lamulo la 2010 losamalira, kuteteza ndi kuweruza ana, komanso lamulo la 2015 la ukwati, chisudzulo ndi za m'banja, amatsata mfundo yomweyo, ndipo kuyambira 2017 mwana pa malamulo aakuluwo ndi aliyense wosakwana zaka 18. Izi zili ndi tanthauzo pa kalembedwe ka uthenga. Ulendo wa ku Ndirande si mphatso imene mayi amapatsa bambo akakhala kuti asangalatsidwa. Ndi wa Tadala. N'chifukwa chake mawu oti "ndikukudziwitsani" ndi olakwika pamenepa ngakhale atalembedwa mofatsa. Mayi akupempha kusintha chinthu chimene si chawo okha.

Mwambo nawo umasokoneza ena pamenepa. Kumadera a chikamwini, monga mwa Achewa, Ayao ndi Alomwe ambiri, ana amawerengedwa a kuchikazi, ndipo mayi amatha kuganiza kuti bambo akumuona mwana mwa chisomo chabe. Kumene kuli malowolo, monga kumpoto ndi kuchigwa cha Shire, bambo ndiye amatha kuganiza choncho. Mwambo ungatiuze mudzi umene mwana amautcha kwawo. Sunena kuti kholo linalo lizimva za kusintha kwa masiku minibasi itanyamuka kale.

Tsono uthenga wa mayi a Tadala, wolembedwa Lolemba pa 3 Malichi, ungakhale wotere:

"Bambo a Tadala, mwaswera bwanji. Sukulu yayamba makalasi a Loweruka a Sitandade 8, mpaka 12 koloko, kufikira mayeso mu Meyi. Ndikupempha kuti pa maulendo asanu, kuyambira wa pa 14 Malichi mpaka wa pa 9 Meyi, Tadala azibwera Loweruka, kufika ku Limbe cha m'ma 3 koloko, mmalo mwa Lachisanu. Masiku asanu otayikawo adzabweze akamaliza mayeso: ulendo wa pa 6 Juni adzabwerere kuno Lachisanu pa 13 mmalo mwa Lamulungu pa 8. Kodi zimenezi zingatheke? Chonde ndiyankheni pofika Lachisanu lino pa 7, kuti ndikawauze aphunzitsi."

Ndi waufupi, koma ntchito imene yalowamo ndi yambiri kuposa ya uthenga waukali uja, chifukwa mayi achita kutenga kalendala n'kuwerenga. Maulendo a bambo akugwa pa 14 ndi 28 Malichi, 11 ndi 25 Epulo, ndi 9 Meyi. Ulendo uliwonse ukutaya usiku umodzi, wa Lachisanu. Onse pamodzi ndi asanu, ndipo kuchokera Lamulungu pa 8 Juni mpaka Lachisanu pa 13 ndi asanu omwewo. Kuwerengaku ndiko mtima wa uthenga wonse. Kholo limene silikhala ndi mwana limakhala ndi mantha amodzi amene silinena: kuti masiku ake azidyedwa pang'onopang'ono, lero makalasi, mawa kwaya ya kutchalitchi, mkuja maliro, mpaka mwana adzazolowere kusabwera. Likaona kuti wolembayo wawerenga zotayika ndipo watchula tsiku lozibweza, mantha aja amachepa lisanafike n'komwe pa funso. Mawu oti "tidzaona mobwezera" sagwira ntchito imeneyi. Aliyense amene analonjezedwapo kuti tidzaona amadziwa kuti sizioneka.

Madeti ayenera kulembedwa ndi dzina la tsiku pamodzi ndi nambala. "Sabata yamawa" kwa wolemba Lamulungu usiku ndi ina, kwa wowerenga Lolemba m'mawa ndi inanso. Ndipo kusinthako kukhale ndi malire. Uthengawu wanena poyambira ndi pothera, kotero bambo akudziwa kuti pa 23 Meyi zinthu zibwerera mwakale. Pempho lopanda tsiku lothera limamveka ngati kulanda.

Chifukwa chalembedwa m'chiganizo chimodzi, ndipo ndi chifukwa cha mwana, choti bambo angathe kuchitsimikizira okha poimbira aphunzitsi. Ngati sukulu inapereka kalata, kujambula kalatayo n'kuitumiza pamodzi ndi uthenga kumatseka mkangano usanayambe. Anthu ambiri amaganiza kuti kuchulukitsa zifukwa kumalimbitsa pempho, koma zimayenda mosemphana: mukapereka zifukwa zinayi, mnzanuyo amasankha chofooka kwambiri n'kuyamba kutsutsa chimenecho. Nanga chifukwa chikakhala cha kholo, monga kusinthidwa shifiti kuntchito kapena ukwati wa mchemwali? Chinenedwe momwe chilili, mwachidule. Kunamizira mwana kuti akudwala pamene muli ndi ulendo wanu ndi bodza losakhalitsa, pakuti mwana wa zaka 13 amayankhula, ndipo likaululika mapempho anu onse a mtsogolo adzakayikiridwa.

Za malonje ndi maitanidwe, ine ndimaona kuti "Bambo a Tadala" kapena "Mayi a Tadala" ndiwo oyenera, pamodzi ndi "inu". Ena ankaitanana "iwe" ali m'banja, mwachikondi. Banja litatha, "iwe" yemweyo pa foni amamveka ngati chala cholozedwa m'maso. Moni mmodzi akwanira. Kufunsa za thanzi la apongozi akale, za bizinesi ndi za mvula kumachititsa wowerenga kudikira kuti nkhonya ifika liti. Kupepesa kambirimbiri nakonso n'kosafunika. Simunalakwe posintha kwa sukulu, ndipo kudzigwetsa pansi kwambiri kumaitana mnzanu kuti akupondeni.

Tsopano zimene zasiyidwa. Ndalama ya mayeso ndi nkhani yoona, ndipo mayi ali ndi ufulu woifunsa. Koma ilembedwe tsiku lina, mu uthenga wakewake. Ikalowa muno, bambo amva kuti mwana wasanduka chikole: lipirani kuti mumuone. Ngakhale mayi asanaganize choncho, mawuwo adzawerengedwa choncho ndi bambo, ndi ankhoswe, mwinanso ndi woweruza. Bambo amene sakupereka chithandizo amakasumiridwa ku khoti, ndipo khoti lili ndi mphamvu yomulamula kulipira. Kumubisira mwana sikubweretsa ndalamayo, kumangopatsa bamboyo dandaulo lake loti akanene. Chimodzimodzi bambo amene amati sinditumiza ndalama mpaka mwana abwere, akulanga mimba ya mwana wake yemwe. Za zovala zosachapa ndi za mkazi watsopano, ngati zilidi vuto, zili ndi tsiku lawo. Kumbukiraninso kuti m'nyumba zambiri foni siwerengedwa ndi mwini wake yekha. Mkazi watsopanoyo akaona dzina lake mu uthenga wanu, yankho limene mulandire mwina silichokera kwa bambo a Tadala.

Akuluakulu amati ukayenda siya phazi, usasiye mlomo. Uthenga wa pa foni ndi mlomo wosiyidwa: umakhala, umajambulidwa, umatumizidwa kwa achibale. Lamulo la 2016 loona za mauthenga ndi malonda a pa makina limalola kuti uthenga wotere ukhale umboni m'khoti, ndipo limaletsa kuzunza kapena kuopseza munthu kudzera pa makinawo. Njira yosavuta yoyesera zimene mwalemba ndi kudzifunsa ngati mungapirire kumva uthengawo ukuwerengedwa mokweza pamaso pa ankhoswe a mbali zonse, kapena Tadala yemweyo atauona ali ndi zaka 20. Chiganizo chimene chakuchititsani manyazi pa mayeso amenewa chichotsedwe. Kukhalitsa komweku ndi kumene kumapangitsa kulemba kukhala kwabwino kuposa kuimba. Pa lamya anthu amagwirizana, kenaka pakatha mwezi wina amati tinati Loweruka, wina amati tinati Lachisanu usiku. Mawu ojambula a pa WhatsApp ndi oipirapo pa ntchito iyi: amanyamula kupuma kwanu, kutopa kwanu ndi kaphokoso ka mkwiyo kamene simunakamve, ndipo deti silipezeka msanga pakati pa mphindi zitatu za kuyankhula. Ngati mnzanuyo amavutika kuwerenga, kapena muli ndi chizolowezi choimbirana, imbani, koma pambuyo pake tumizani mzere umodzi wonena zimene mwagwirizana.

Nthawi yotumizira nayo ili ndi mbali yake. Mayi a Tadala alemba kutatsala masiku 11 kuti ulendo woyamba wosinthidwa ufike, ndipo apereka masiku anayi oyankhira. Bambo mwina anapempha kale tchuthi cha Lachisanu masana kuti azikachingamira mwana, mwina Loweruka amagwira ntchito mpaka madzulo ndipo afunika kupeza woti akaime ku Limbe. Munthu wopatsidwa nthawi amatha kukonza zimenezi, wodzidzimutsidwa amangokana. Utumizidwe masana, osati pakati pa usiku, ndiponso osati tsiku limene mwangokangana kumene za nkhani ina. Mukalemba muli ndi mkwiyo, sungani uthengawo mpaka m'mawa, muuwerengenso, ndipo kawirikawiri mupeza kuti theka lake ndi lofufuta.

Chinthu chimodzi chimene ndimachiona ngati nkhanza, ngakhale chimachitika mosaganizira, ndi kutuma mwana. "Ukawauze bambo ako kuti sabata yamawa subwera." Mwanayo amafika ku Ndirande atanyamula uthenga umene akudziwa kuti ukhumudwitsa, amaona nkhope ya bambo ake ikusintha, ndipo amabwerera ku Zomba atanyamula yankho laukali loti akapereke. Pakapita nthawi amaphunzira kusintha mawu panjira kuti asakwiyitse aliyense, ndiye makolo amayamba kunenana mabodza pa zinthu zimene palibe ananena. Mwana wamsinkhu wa Tadala ayenera kufunsidwa maganizo ake, inde, ndipo ayenera kuuzidwa zatsopano makolo akagwirizana. Koma asauzidwe kuti nkhani yatha bambo asanayankhe, chifukwa akadzakana, bamboyo ndiye aoneke woipa pamaso pa mwana.

Yankho likhoza kubwera mwa mitundu ingapo, ndipo lovuta kwambiri ndi lija losakaniza. Bambo angalembe kuti: "Nthawi zonse mumapanga zofuna zanu. Loweruka ndimaweruka 4 koloko, 3 koloko sindingakhale ku Limbe." Muli mbola ndi nkhani. Mbola isiyidwe pomwepo. Mayi ayankhe nkhani yokha: "Zikomo. Ndiye adzanyamuka kuno mochedwerapo kuti azifika cha m'ma 5 koloko. Zili bwino?" Zimawawa kusiya "nthawi zonse" uja osamuyankha, makamaka ngati ndi bodza. Koma mukangomuyankha, mauthenga khumi otsatira akhala a mbiri ya banja, ndipo ola la ku Limbe silidzatchulidwanso.

Kukhala chete ndi yankho lina. Timizere tiwiri ta buluu taoneka, tsiku lapita, palibe mawu. Apa anthu amalakwitsa potumiza mafunso asanu otsatizana, kenaka n'kulemba kuti "poti simukuyankha ndiye kuti mwavomera". Kusayankha si kuvomera, makamaka pamene pali chigamulo cha khoti. Dikirani tsiku limene munatchula lifike, mukumbutse kamodzi ndi mzere umodzi: "Bambo a Tadala, ndikukumbutsa za pempho la maulendo a Loweruka, aphunzitsi akufuna yankho Lolemba." Zikakanikabe, apa ndiye ntchito ya nkhoswe kapena wachibale amene mbali zonse zimamulemekeza, ndipo iye apatsidwe uthenga womwe uja, osawonjezera ndemanga.

Bambo angathenso kukana poyera, ndipo nthawi zina amakhala ndi mfundo. Mwina anganene kuti ulendo wa makilomita oposa 60 kupita, n'kubwereranso mawa lake, ndi wotopetsa mwana amene akukonzekera mayeso, ndiye bwanji iwo azibwera ku Zomba Lamulungu kudzacheza naye, masiku onse adzabwezedwe mu Juni. Limenelo si kukana kwenikweni, ndi pempho lina, ndipo mwina ndi labwino kuposa loyamba. Wopempha ayenera kukhala wokonzeka kulandira njira imene sanaiganize. Koma akangoti ayi basi, ndondomeko yakale ndiyo ikhale, Tadala ajombe makalasi a Loweruka asanu kapena mayi akakambirane ndi aphunzitsi za ntchito yotengera kunyumba, uku nkhani ikupita kwa ankhoswe, ku ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu, kapena ku khoti ngati ndi kumene pangano linachokera.

Pali malo amene uthenga wofatsawu sufika. Ngati banja linatha chifukwa cha nkhanza, ndipo khoti linapereka chiletso choteteza munthu potsata lamulo la 2006 loletsa nkhanza za m'banja, muyambe mwaona zimene chiletsocho chikunena za kulankhulana, pakuti mwina ngakhale moni ndi woletsedwa ndipo zonse ziyenera kudzera kwa munthu wina. Ngati chifukwa chofunira kusintha ndi mantha oti mwana akuchitiridwa zoipa kumene akupitako, imeneyo si nkhani yokambirana pa foni ndi woganiziridwayo. Ndi ya kunthambi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza ndi ya alangizi a za ana. Ndipo ngati mayi asamutsidwa ntchito kuchoka ku Zomba kupita ku Mzuzu, kapena bambo akupita ku Joni, kumeneko si kusuntha tsiku, ndi kumanga pangano latsopano, lofuna kukhala pansi ndi mboni. Uthenga waufupi ungangopempha tsiku la kukumanako.

Pa nkhani ya Tadala, tinene kuti bambo avomera za 5 koloko. Patsala uthenga umodzi, umene ambiri amauiwala chifukwa mtima wakhala kale pansi: "Zikomo, Bambo a Tadala. Ndiye tagwirizana kuti pa 15 ndi 29 Malichi, 12 ndi 26 Epulo, ndi 10 Meyi afika ku Limbe Loweruka cha m'ma 5 koloko, ndipo ulendo wa pa 6 Juni abwerera pa 13." Bambo akalemba kuti "zili bwino", mayi asunge mauthenga onsewo, alembe madetiwo pa kalendala ya pakhoma, kenaka amuuze mwana ndi aphunzitsi ake.